Kalata imene ndinalemba podandaula za bwana wanga

Pa kampani ina imene ndinkagwirako ntchito yokonza malipoti a katundu wolowa ndi wotuluka, ndinafika pa mlingo wolemba kalata ku ofesi yoona za ogwira ntchito yodandaula za manijala wanga. Anali munthu waluso pa ntchito yake, ndipo sindidzamulanda ulemu umenewo, koma kachitidwe kake kwa ife amene tinali pansi pake kanafika pondisowetsa tulo usiku wa Lamulungu uliwonse ndikaganiza za msonkhano wa Lolemba. Nkhaniyi inatha kalekale, koma sinandichoke m'mutu, makamaka chifukwa anzanga angapo akhala akundifunsa kuti kalatayo ndinailemba bwanji, ndipo ambiri amadabwa akamva kuti munalibe mawu oti nkhanza, tsankho kapena chidani.

## Zinthu zitatu zimene ndinasankha

Zondipweteka zinalipo zambiri, koma zimene ndinatengera ku ofesiyo zinali zitatu zokha. Choyamba chinachitika pa msonkhano wa Lolemba m'mawa, pamene a manijala anandizazira pamaso pa anzanga asanu ndi mmodzi chifukwa cha lipoti limene linachedwa. Chachiwiri chinali cha maola 9 a ovataimu amene iwo eni anasainira pafomu, koma osaoneka pa chikalata cha malipiro a mwezi umenewo. Chachitatu chinali mawu amene anandiuza tili awiri m'khonde nditafunsa za maolawo, onena kuti ndikapitiriza kufunsa tidzakumana pa nthawi younika kagwiridwe kanga ka ntchito.

Zina zonse ndinazisiya dala. Sindinalembe za mphekesera zoti ankakondera mnyamata wina wa mu dipatimenti yathu, chifukwa ndinangozimva. Sindinalembenso za mayi wina amene anatuluka mu ofesi yawo akulira, ngakhale ndinamuona ndi maso anga, chifukwa zimene zinayankhulidwa mkatimo sindinazimve, ndiponso nkhani imeneyo mwini wake ndi mayiyo, amene sanandipatse chilolezo choti ndiitchule. Munthu ukapsa mtima umafuna kuunjika zonse pamodzi kuti dandaulo lilemere, koma wofufuza amayesa mfundo iliyonse payokha, ndipo ikagwa imodzi yongomvera kwa ena, amayamba kukayikira ndi zoona zomwe.

## Chifukwa chake sindinalembe kuti ndi ankhanza

Mnzanga wina anali atadandaulapo za manijala yemweyo ine ndisanatero. Anandionetsa kalata yake, ya masamba anayi, ndipo zonse zimene analemba ndinazikhulupirira chifukwa ndinkaziona tsiku ndi tsiku. Analemba kuti bwanayo ndi wankhanza, amanyoza anthu nthawi zonse, sayamikira, ndipo akufuna kumuchotsa ntchito. A manijala atapatsidwa kalatayo anayankha mwachidule kuti iwo si ankhanza, amangofuna kuti ntchito iziyenda bwino, ndipo alibe maganizo ochotsa munthu aliyense. Nkhaniyo inathera pomwepo, inalembedwa kuti ndi kusamvana chabe kwa anthu awiri.

Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa mmene ofesi imeneyi imagwirira ntchito. Wofufuza dandaulo sangalowe mumtima mwa munthu kuti akaone ngati ali ndi chidani. Chimene angathe n'kufunsa ngati mawu akutiakuti anayankhulidwa pa tsiku lakuti, kufunsa anthu amene analipo, ndi kutsegula mafayilo. Ayeneranso kupereka dandaulolo kwa wodandauliridwayo kuti ayankhe, chifukwa munthu saweruzidwa asanamvedwe, ndipo lamulo limeneli ndi lomwe lidzakutetezeni inuyo tsiku lina wina akadzakudandaulirani. Ukalemba kuti munthu ndi wankhanza, wamupatsa funso losavuta, loti angoyankha kuti ayi. Ukalemba mawu enieni amene ananena, malo ake, nthawi yake ndi anthu amene anamva, amayenera kusankha pakati pa kuvomera ndi kutsutsana ndi mboni.

Mawu akuti "nthawi zonse" ndi "sanayambe" ndi oopsa kwambiri m'kalata yotere. Bwana akangopeza imelo imodzi imene anakuyamikiranipo, chiganizo chanu choti sayamikira chafa, ndipo chafa pamaso pa munthu amene mukufuna kuti akukhulupirireni pa zinazo.

## Kalembedwe kake

Ndisanalembe ndinapempha buku la malamulo a ogwira ntchito n'kuwerenga gawo la madandaulo. Ndinafuna kudziwa zinthu zitatu: amene kalata imapita kwa iye ngati wodandauliridwayo ndi bwana wako yemwe, nthawi imene dandaulo liyenera kufika chichitikireni chinthucho, ndi mawu amene kampaniyo inagwiritsa ntchito pofotokoza khalidwe loletsedwa. Makampani ambiri amafuna kuti uyambe wayesa kukambirana ndi munthuyo, choncho m'ndime yoyamba ndinalemba kuti iyi ndi kalata ya dandaulo motsatira ndondomekoyo, ndipo ndinatchula tsiku limene ndinayesa kuyankhula nawo za maola aja ndi yankho limene ndinalandira.

Kenako mfundo iliyonse ndinaipatsa nambala ndi ndime yakeyake, tsiku ndi mwezi zili pamwamba. Yoyamba inali yotere:

"Pa msonkhano wa dipatimenti wa Lolemba, umene unayamba 8 koloko m'mawa m'chipinda cha misonkhano, a manijala ananyamula lipoti langa la mwezi n'kunena mokweza kuti, 'Iwe mutu wako sugwira, ndikanadziwa sindikanakulemba ntchito.' Kenako anaponya lipotilo patebulo, ndipo linagwera pansi. M'chipindamo munali anthu asanu ndi mmodzi, amene mayina awo ndalemba m'munsimu. Lipotilo linayenera kufika Lachinayi, koma ndinapereka Lachisanu, chifukwa ziwerengero za ku nyumba yosungiramo katundu zinandifika Lachinayi madzulo. Ndinadziwitsa a manijala za kuchedwaku pa imelo ya Lachitatu, imene ndaiphatikiza pa kalatayi."

Mnzanga uja atawerenga ndimeyi anandifunsa chifukwa chimene ndinatchulira kuti lipoti linachedwa, poti kumeneko n'kudzitchera msampha ndekha. Ine ndinaona mosiyana. A manijala akanatchula ndithu za kuchedwako, ndipo wofufuza akanayamba kuzimva kwa iwo, akanadzifunsa kuti china chimene ndabisa n'chiyani. Komanso dandaulo langa silinali loti anandidzudzula popanda chifukwa. Bwana ali ndi ufulu wofunsa za lipoti lochedwa, ngakhale mwamphamvu. Chimene ndinkatsutsa chinali kunyazitsidwa pagulu, ndipo kutchula kuchedwako kunasiyanitsa zinthu ziwirizi poyera.

Pa mfundo ya ovataimu ndinangolemba masiku, maola a tsiku lililonse, ndi kuti fomu inasainidwa. Sindinalembe kuti a manijala anandibera kapena kuti anafufuta maolawo dala, chifukwa chimene ndinkadziwa n'chakuti pafomu analipo ndipo pa malipiro panalibe. Amene anawachotsa, ndi chifukwa chake, inali ntchito ya wofufuza kupeza. Za mmene zinandikhudzira ndinalemba ziganizo ziwiri zokha: kuti ndinasiya kufunsa mafunso pa misonkhano poopa kuchititsidwa manyazi, ndi kuti zimenezo zinkachedwetsa ntchito yanga chifukwa ndinkakafunsa anthu ena pambali.

Pomaliza ndinalemba zimene ndinkapempha, ndipo gawo limeneli ambiri amaliiwala. Ndinapempha kuti maola aja alipidwe, kuti zolakwika pa ntchito yanga azindiuza tili awiri kapena molemba, ndi kuti pa kuunika kwa chaka chimenecho pakhale munthu wachiwiri woona zikalata. Sindinapemphe kuti achotsedwe ntchito. Chilango amasankha ndi olemba ntchito, ndipo wodandaula akachitchula yekha amaoneka ngati akufuna kubwezera. Kalata yonse inakwana tsamba limodzi ndi theka. Ndinaitumiza pa imelo kuti tsiku lake lidziwike, ndinapempha kuti andiyankhe kuti ailandira, ndipo ndinasunga kope langa.

## M'chipinda cha wofufuza

Amene anapatsidwa nkhaniyi anali mayi wachikulire wa mu ofesi yoona za ogwira ntchito, wosafulumira kuyankhula. Nditalowa ndinapeza kalata yanga ili patebulo pawo, itadzaza zizindikiro za pensulo. Pambali pa mfundo iliyonse anali atalemba mawu awiri, "mboni" ndi "chikalata", ndipo ena anali atawachonga, ena ayi. Anandiuza kuti ndili ndi ufulu wokhala ndi mnzanga wa pantchito kapena woimira bungwe la ogwira ntchito, anandiuzanso kuti alemba zokambirana zathu ndipo ndidzaziwerenga ndisanasaine.

Funso lawo loyamba silinali la mmene ndinamvera. Anaika chala pa mzere umodzi n'kufunsa kuti, "Mwalemba kuti anaponya lipoti. Anaponyadi, kapena anangoliika mwamphamvu? Ndikufunsa chifukwa iwowo akuti anangoliika patebulo."

Ndinawayankha kuti, "Mayi, mphamvu ya dzanja lawo sindingathe kuiyeza. Chimene ndinaona n'chakuti lipotilo linatsetsereka patebulo mpaka linagwera pansi, mapepala awiri anathothoka, ndipo mnzanga amene anakhala kumanja kwanga ndiye anawerama n'kulitola."

Analemba dzina la mnzangayo, n'kulizunguliza ndi pensulo. Ndinaona pamenepo kuti kanthu kakang'onoko kawapatsa funso loti akamufunse munthu uja popanda kumupempha kuti aweruze bwana wake. Wantchito amene akuopa kutaya ntchito sanganene kuti manijala ndi wankhanza, koma angavomere mosavuta kuti anatola mapepala pansi, chifukwa kumeneko si kuneneza munthu, n'kungonena chimene manja ake anachita.

Anafunsanso kuti mawu aja ndinawakumbukira bwanji ndendende pamene papita nthawi. Ndinatulutsa kabuku kanga kamene ndinkalembamo madzulo a tsiku lomwelo chinthu chikachitika: tsiku, nthawi, malo, mawu, ndi amene analipo. Anakatsegula, anaona kuti nkhani za bwanayo zasakanikirana ndi zolemba zina za ntchito za masiku omwewo, inki yake yosiyanasiyana, ndipo anapempha kujambula masamba awiri. Amati mlandu suola, koma ine ndinaona kuti umboni wake umaola: anthu amaiwala, ena amasamutsidwa, maimelo amafufutidwa, ndipo chimene unalemba tsiku lomwelo chimalemera kuposa chimene wakumbukira patapita miyezi.

Kenako anafika pa mfundo yachitatu, n'kuika pensulo pansi. Anati, "Pa mawu a m'khonde aja, kodi panali wina amene anamva?" Ndinati panalibe. "Nanga chikalata?" Ndinawaonetsa imelo imene ndinatumizira a manijala masana a tsiku lomwelo, yonena mwaulemu kuti ndamva zimene anandiuza m'khonde zokhudza kuunika kwa ntchito yanga, ndipo ndikupempha kuti andifotokozere ngati kufunsa za ovataimu kungakhudze kuunikako. Imeloyo sinayankhidwe.

Mayiwo anaiwerenga kawiri, kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Imelo iyi ikuonetsa kuti inu munanena zimenezi tsiku lomwelo, ndipo zimenezo n'zothandiza. Koma sikuonetsa kuti iwo anayankhula mawuwo. Ndikuuzeni panopa kuti mfundo iyi mwina siingatsimikizike, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti ndikukuyesani wabodza."

Mawu amenewo anandipweteka, chifukwa pa mfundo zitatuzo yachitatuyi ndi imene inkandiopsa kwambiri. Koma anasinthanso kaonedwe kanga ka nkhani yonseyo. Ndinalowa m'chipindamo ndikuyembekeza kuti wina andiuze kuti ndinalakwiridwa. Ndinatulukamo ndikudziwa kuti ntchito ya mayiwo inali yopapatiza kuposa pamenepo: kupeza zimene kampani ingathe kuimapo ngati a manijala atatsutsa chigamulo. Kudekha kwa kalata yanga kunali kothandiza chifukwa kunawapatsa zinthu zoti aimepo.

## Zimene zinatuluka

Yankho linabwera molemba, mfundo ndi mfundo, motsatira manambala anga omwe aja. Yoyamba inatsimikizika: anthu ena anati sakukumbukira, koma ena anabwereza mawuwo pafupifupi mmene ndinawalembera, ndipo mnzanga uja anavomera kuti anatola lipoti pansi. Yachiwiri inatsimikizikanso, chifukwa fomu yosainidwa inagwirizana ndi buku limene tinkasaina potuluka, ndipo zinapezeka kuti fomuyo sinatumizidwe ku ofesi ya malipiro. A manijala anati anaiwala. Kalatayo sinanene ngati kunali kuiwala kapena dala, ndipo maolawo analipidwa mwezi wotsatira. Ndikanalemba kuti anandibera, ndikanakhala ndi mawu amene sindikanatha kuwatsimikiza, pamene chimene ndinkafuna chinali chitapezeka kale.

Yachitatu inalembedwa kuti palibe umboni wokwanira mbali zonse ziwiri. Komabe pempho langa loti pa kuunika pakhale munthu wachiwiri linavomerezedwa, ndipo ndikukhulupirira kuti imelo yosayankhidwa ija inathandiza. Za chilango cha a manijala anangondiuza kuti achitapo kanthu moyenera. Zimenezi zimakhumudwitsa odandaula ambiri, koma ndi mmene zimakhalira kawirikawiri, chifukwa fayilo ya wantchito ndi yachinsinsi, ngakhale wantchitoyo akhale bwana.

## Pamene kalata yodekha imalekezera

Ofesi yoona za ogwira ntchito ndi ya olemba ntchito, ndipo amene ali mmenemo amalipidwa ndi kampani yomweyo. Angakhale anthu achilungamo, monga mayi amene ndinakumana nawo, koma si maloya anu. Pa chifukwa chimenechi kalata yanu muziilemba ngati kuti tsiku lina idzawerengedwa ndi munthu wakunja amene sakudziwani, kaya wa ku ofesi ya boma yoona za ntchito kaya wa kubwalo la milandu. Musayembekezerenso chinsinsi chathunthu. Wodandauliridwayo adzaona zimene mwanena, ndipo ngakhale dzina lanu litabisidwa, tsatanetsatane wa nkhaniyo adzamuuza kuti ndi inu.

Pali njira ziwiri zosonkhanitsira umboni zimene zimatembenukira mwini wake. Yoyamba ndi kujambula mawu a bwana mobisa pa foni, zimene malamulo a mayiko ena ndi a makampani ambiri amaletsa. Yachiwiri ndi kutumiza zikalata zachinsinsi za kampani ku imelo yanu ya kunyumba. Wodandaula amatha kupezeka ali pa mlandu yekha chifukwa cha zimenezi, dandaulo lake lili loona. Ine ndinasunga zimene zinali zanga zenizeni, monga chikalata cha malipiro, kope la fomu ndi kabuku kanga, ndipo zina ndinangozitchula m'kalata kuti wofufuza akazitenge yekha kumene zimasungidwa.

Ndifuna kunenanso momveka kuti kudekha kumene ndikukamba ndi kwa kalembedwe, sikuti munthu azipirira chilichonse mpaka mfundo zikwane zitatu. Pangano nambala 190 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, limene linavomerezedwa m'chaka cha 2019, limanena kuti nkhanza ndi kuzunza pantchito zingakhale zochitika kamodzi kokha kapena mobwerezabwereza, ndipo limaphatikizapo kuopseza ndi zovulaza munthu m'thupi, m'maganizo, pa zachuma kapena pa zogonana. Ngati bwana wakugwirani thupi, wakumenyani kapena wakufunsani chibwenzi posinthana ndi ntchito, kamodzi n'kokwanira, ndipo zina mwa zimenezi ndi nkhani za apolisi, osati za mu ofesi mokha. Ngakhale pamenepo, tsiku, malo ndi mawu enieni ndi zimene zidzakuthandizeni, koma simuyenera kuyamba mwakambirana ndi munthuyo.

## Pambuyo pa chigamulo

Nthawi yovuta kwambiri inali masabata otsatira. A manijala sanandizazirenso, koma ankandiyankhula mawu ochepa, ndipo moni unali wongokwaniritsa mwambo. Zimenezo sindinazilembe ngati dandaulo, chifukwa kampani singalamule munthu kuti azikumwetulirani. Chimene ndinkayang'anira chinali kubwezera kooneka: kuchotsedwa pa misonkhano imene ndinkaitanidwako kale, kulandidwa ntchito zina popanda chifukwa, kukanizidwa tchuthi chimene ena akupatsidwa, kapena kutsika kwadzidzidzi kwa zotsatira za kuunika. Ndinapitiriza kulemba m'kabuku kaja. Tsiku lina dzina langa linasowa pa imelo yoitanira msonkhano wa mwezi, ndipo ndinalembera a manijala chiganizo chimodzi chofunsa ngati ndikuyenera kupezekapo, n'kutumizanso kope kwa mayi aja. Dzinalo linabwezeretsedwa tsiku lomwelo, ndipo silinasowenso.

Kalata ya chigamulo inandipatsa masiku owerengeka oti ndichite apilo ngati sindinakhutire. Ndinaganizira kwambiri za mfundo yachitatu, chifukwa mawu a m'khonde aja ndinawamva ndi makutu anga ndipo ndikuwakumbukirabe. Koma apilo imafuna chifukwa, monga umboni watsopano kapena kulakwika kwa ndondomeko, ndipo ine ndinalibe chilichonse mwa ziwirizi: mboni zanga zonse zinafunsidwa, zikalata zonse zinaonedwa. Choncho ndinangoyankha molemba kuti ndalandira chigamulocho, kuti pa mfundo yachitatu ndikuimabe pa zimene ndinanena, ndipo ndinapempha kuti yankho langalo liikidwe m'fayilo pamodzi ndi dandaulo, kuti wina akadzabwera ndi nkhani yofanana, wofufuza adzalipeze.